Dipoziti ya kasitomala: zoyenera kulemba papepala sizasi isanakhudze nsalu

Funso: "Ndine mayi wosoka zovala ku Ndirande. Kasitomala anandipatsa dipoziti ya madiresi a operekeza mkwatibwi, ndinagula nsalu n'kudula, kenako wabwera kuti ukwati waimitsidwa ndiye ndimubwezere ndalama yake yonse. Sitinalemberane chilichonse. Kodi kapepala ka mgwirizano ndingalembe bwanji kuti zoterezi zisandichitikirenso, koma kosavuta, koti kasitomala asachite nako mantha?"

Mayi, pepala lomwe mukufuna ndi la tsamba limodzi, ndipo mungathe kulilemba ndi bolopeni m'buku la malisiti lija lokhala ndi kaboni. Silifuna loya kapena chidindo cha ofesi iliyonse. Pamalamulo a dziko lathu, pangano la pakamwa la ntchito ngati yanuyi ndi pangano ndithu, koma vuto lake ndi umboni: tsiku la mkangano aliyense amakumbukira zomukomera. Matelala ambiri amalemba dzina la kasitomala, ndalama yomwe wapereka ndi yotsala, basi. Lisiti lotero limangotsimikiza kuti ndalama inalandiridwa. Silinena kuti ndalamayo ndi ya chiyani, ndiponso kuti ikhala ya ndani zinthu zikasintha pakati pa ntchito. Apa ndi pomwe milandu yambiri ya dipoziti imabadwira, ndiye ndi pomwe tikhalitsepo.

Kasitomala akamapereka ndalama, m'mutu mwake amaganiza kuti wakusungitsani. Inu mukamailandira mumadziwa kuti mawa lomwe ipita ku Limbe kukagula nsalu, ndipo ikangosanduka nsalu yodulidwa pa muyezo wa munthu mmodzi sibwereranso kukhala ndalama. Nonse awiri simukunama, koma mukuona zinthu ziwiri zosiyana. Ngakhale akhoti amasiyanitsa ndalama yoperekedwa monga chikole chotsimikiza kuti munthu sabwerera m'mbuyo, ndi ndalama yongolipira gawo la mtengo. Yachikole kawirikawiri imatsalira kwa wolandira ngati wopereka ndiye wathetsa pangano. Yolipira gawo la mtengo imatha kubwezedwa atachotsapo zomwe wolandirayo wataya. Ngati simunalembe kuti yanu ndi iti, mudzakokana mpaka kwa majisitireti. Njira yabwino ndi kusadalira dzina la ndalamayo, koma kulemba m'manambala kuti kasitomala akasintha maganizo pa siteji yakuti, adzalandira zakuti.

Tiyeni titenge oda yofanana ndi yanu. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya pamsika tsiku lomwe mukulemba. Madiresi ndi 6. Diresi lililonse likufuna mamita 4 a nsalu, onse pamodzi mamita 24, pa K6,000 mita imodzi, ndiye K144,000. Layiningi mamita awiri ndi theka pa diresi, onse mamita 15, pa K3,000, ndiye K45,000. Mazipi, ulusi, nsalu yolimbitsira pakhosi ndi thiransipoti yopita kogula, tiike K21,000. Zipangizo zonse zakwana K210,000. Kusoka ndi K30,000 diresi limodzi, onse K180,000. Mtengo wonse wa oda ndi K390,000.

Chizolowezi cha matelala ambiri mu Blantyre muno ndi chakuti dipoziti ikhale theka. Theka la K390,000 ndi K195,000, pomwe zipangizo zokha ndi K210,000. Ndiye kuti musanayambe n'komwe kupalasa makina, mwaikapo kale K15,000 ya m'thumba mwanu, ndipo ntchito yonse mukuigwira pangongole. Theka limakwanira pokhapokha nsalu wabwera nayo yekha kasitomala. Ngati ogula ndinu, dipoziti iwerengedwe motere: mtengo wonse wa zipangizo, kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yosokera. Pa oda iyi ndi K210,000 kuphatikiza K60,000, yonse K270,000, ndipo yotsala polandira zovala ndi K120,000. Gawo limodzi mwa atatulo silongopeka: kuyeza anthu, kujambula pansalu ndi kudula ndi ntchito yomwe imatha sizasi ikangomaliza, ndipo pa diresi la K30,000 tikuiwerengera K10,000.

Kasitomala wina adzati K270,000 yachuluka. Musatsitse dipoziti, m'malo mwake muuzeni akagule yekha nsalu, mutamulembera mtundu ndi mamita. Pamenepo zipangizo zanu zitsala layiningi ndi tizinthu tina, K66,000, mtengo wanu wonse ukhala K246,000, ndipo dipoziti ikhala K126,000. Njira imeneyi ilinso ndi ubwino wina, wakuti mkangano wa mtundu wa nsalu umachoka pamutu panu.

Papepala manambala awiriwa alembedwe padera, ya zipangizo ndi ya ntchito. Osangolemba "walipira K270,000". Kupatula kumeneku ndi komwe kumachititsa kuti kuwerengera pobweza kukhale kosavuta, chifukwa oda imadutsa masiteji anayi ndipo pa siteji iliyonse chomwe mwataya ndi chosiyana.

Kasitomala akasintha maganizo musanagule kalikonse, mwangotaya nthawi yoyeza anthu ndi malo omwe munamusungira pa ndandanda ya ntchito. Mubwezereni K260,000, musunge K10,000. Kukana kubweza pamenepa si chilungamo, ndipo aliyense woweruza nkhaniyo adzakuonani ngati wadyera. Akasintha mutagula zipangizo koma musanadule, ndalama ya zipangizo simubweza ngati ndalama: mumamupatsa nsalu yake, layiningi ndi mazipi pamodzi ndi malisiti a kusitolo, kenako mumubwezera K50,000 pa K60,000 ya ntchito ija. Masitolo ambiri a nsalu salandiranso nsalu yomwe adula kale pa mpukutu, choncho musalonjeze kuti mukaibweza. Ngati nsaluyo mwaikonda ndipo mungaigwiritse ntchito kwina, mutha kuigula kwa iye, koma zikhale zofuna zanu, osati udindo wolembedwa.

Sizasi ikadutsa, dipoziti sibwezedwanso. Kasitomala amatenga zidutswa zodulidwazo ndi zipangizo zonse zotsala, chifukwa ndi zake, analipira. Inu mumasunga K60,000 ya ntchito yomwe mwagwira. Telala wokana kupereka zidutswazo kwinaku ndalama wasunga ndiye kuti wadya kawiri, ndipo akapita kukhoti mlandu womwe akanawina umamutembenukira. Siteji yomaliza ndi pomwe kusoka kwayamba. Tiyerekeze kuti madiresi 3 atha ndipo 3 angodulidwa. Atatu otha ndi K90,000, atatu odulidwa ndi K30,000, ntchito yonse yogwiridwa ndi K120,000. Analipira kale K60,000, ndiye kuti akuyenera kuwonjezera K60,000 asanatenge katundu wake. Mukamuwerengera motere, pepala lomwe anasayina lili patebulo, mkangano sukhalitsa.

Pali chinthu chaching'ono chomwe chimalimbitsa zonsezi: musanadule, tumizani uthenga wa pafoni wonena kuti "Mawa ndidula nsalu ya oda nambala 47, ngati pali chosintha ndiuzeni lero." Kasitomala akayankha kuti pitirizani, sungani uthengawo. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti ndi mafoni limalola kuti mauthenga oterewa akhale umboni. Uthenga umodziwu umatseka pakamwa pa munthu wodzanena kuti anakuimbirani foni nsalu isanadulidwe.

Pepala lomwe likuteteza telala yekha, kasitomala wanzeru sasayina, ndipo akasayina amachoka ndi mtima wokayika. Madandaulo omwe anthu ali nawo pa ife osoka ndi odziwika: "bwerani mawa" wosatha, dipoziti yodyedwa nsalu isanagulidwe, chitenje cha munthu chosowa m'shopu. Choncho mbali yanu ilembedwe molimba chimodzimodzi. Lembani masiku atatu osiyana, ndi deti, mwezi ndi chaka: tsiku lodzayesa, tsiku lodzatenga, ndi tsiku la mwambo weniweniwo. Mawu akuti "sabata ya mawa" kapena "kumapeto kwa mwezi" asapezeke papepala. Ngati ukwati uli Loweruka pa 20 Disembala, lodzatenga likhale pa 10, lodzayesa pa 3. Masiku 10 apakatiwo ndi anu opumira. Magetsi akazima masiku awiri makina a ovaloko n'kuima, kapena mwapita kumaliro kumudzi, mumakhalabe ndi mpata. Telala wolonjeza Lachisanu zovala za Loweruka wadzitchera yekha msampha, makamaka mu Disembala pomwe maukwati ndi zinkhoswe zimadzadzana, kapena sukulu zikamatsegulira pomwe mayunifolomu amaunjikana.

Ndipo lembani chomwe chidzachitike mukalephera. Malire abwino ndi awa: mukachedwa kupitirira tsiku lodzatenga, pa yotsala pamachoka K2,000 tsiku lililonse. Zikafika masiku atatu mwambo usanachitike zovala zisanathe, kasitomala ali ndi ufulu wotenga nsalu yake, yodula ndi yosadula, pamodzi ndi ndalama yonse ya ntchito, kuti akayese kwa telala wina. Ena adzati uku n'kudzimangirira chingwe. Koma popanda mawu amenewa kasitomala yemwe zovala zake zaphonya ukwati angathe kukusumirani zambiri, kuphatikizapo ndalama yomwe wagulira madiresi ena mwadzidzidzi. Chiganizo chimenechi ndi chomwenso chimamupatsa mtima wopereka K270,000 mosawiringula.

Nsalu ya kasitomala ikaonongeka m'manja mwanu, kaya yapsa ndi ayironi, yadulidwa molakwika kapena yasowa, mumagula ina yofanana kapena kubweza mtengo wake. N'chifukwa chake nsalu yobwera ndi mwini wake iyezedwe iye akuona, mamita ake alembedwe, ndi mtengo womwe akuti anagulira. Itambasuleni yonse patebulo. Ngati ili ndi kabowo, banga, kapena utoto wosiyana m'mphepete, lembani pomwepo. Zitenje zina zotchipa zimachucha utoto kapena kufupika zikachapidwa koyamba, ndipo mwini wake adzaloza inu. Nyowetsani kachidutswa n'kukapaka pansalu yoyera iye ali pomwepo, ndipo ngati yachucha lembani kuti mwamuchenjeza. Musaiwale kunena za zotsala. Mikangano yambiri ya zitenje imayamba ndi theka la mita lomwe mwini wake amayembekezera kupangira duku.

Tsopano za chovala chenichenicho. Mawu akuti "diresi la buluu" sateteza aliyense, chifukwa buluu alipo wamitundumitundu. Dulani kachidutswa ka nsalu kakang'ono ngati bokosi la machesi, mukamate ndi sitepula pa pepala lanu, kena pa la kasitomala. Ngati nsalu sinagulidwe, chitani zimenezi tsiku lomwe mwagula, ndipo musadule kasitomala asanavomere. Sitayilo nayonso: ngati wakutumizirani chithunzi pa WhatsApp, lembani papepala kuti sitayilo ndi ya chithunzi chotumizidwa pa deti yakuti, ndipo jambulani kachithunzi ndi bolopeni kosonyeza khosi, mikono, utali ndi komwe kuli zipi. Chithunzi cha pafoni chimangoonetsa kutsogolo, kumbuyo aliyense amaganiza zake. Ngati nsalu yomwe wasankha singagwe ngati ya pachithunzi, mwachitsanzo akufuna diresi loyenderera la shifoni koma wabweretsa chitenje cholimba, muuzeni ndipo mulembe kuti mwamuuza.

Miyezo ilembedwe kuseri kwa pepala lomwelo, dzina la munthu aliyense ndi manambala ake: chifuwa, chiuno, mahipi, phewa, mkono, utali, ndi deti yomwe mwayeza. Nenani ngati ndi mainchesi kapena masentimita, chifukwa tepi ili ndi mbali ziwiri ndipo miyezo yotumizidwa pafoni imasokonekera pomwepa. Pa oda ya operekeza mkwatibwi nthawi zonse pamakhala mmodzi yemwe ali ku Lilongwe kapena ku Joni, woyezedwa ndi munthu wina. Pa dzina lake lembani kuti muyezo ndi wotumizidwa, sunayezedwe ndi telala, ndipo kukonza kwake n'kolipira. Kwa amene mwayeza nokha, kukonza kamodzi pa tsiku lodzayesa kukhale kwaulere. Siyani inchi imodzi mkati mwa msoko wa m'mbali kuti diresi lothina lithe kumasulidwa. Koma kukonza n'kosiyana ndi kusintha. Kubweza chiuno ndi kukonza. Kuchotsa mikono yaitali n'kuika yaifupi ndi sitayilo yatsopano, ili ndi mtengo wake ndi tsiku lake latsopano, ndipo zonse ziwiri zilembedwe pansi pa pepala, nonse musayinenso.

Oda ya gulu ili ndi msampha wina. Madiresi ndi a anthu 6, aliyense akusonkha yake, koma pangano lanu likhale ndi munthu mmodzi yekha, wamkulu wa zaka 18 kapena kuposerapo, amene adzayankhe za ndalama yonse. Mukalola kuti aliyense azilipira payekha, anayi adzamaliza, awiri adzasowa, ndipo mkwatibwi adzaima pakhomo panu akulira kuti mupereke onse 6. Zimenezi n'chimodzimodzi ndi mayunifolomu a kwaya, a amayi a Mvano kapena a chinkhoswe: asayine ndi msungichuma kapena wapampando, dzina lake lenileni, osati dzina la gulu lokha.

Mawu a pepalalo angakhale otere, ndipo mukhoza kuwadinditsa pa fotokope n'kusiya mipata:

"Mgwirizano wa oda nambala 47, pa 12 Novembala 2025, pakati pa telala (dzina, malo a shopu, foni) ndi kasitomala (dzina, komwe amakhala, foni). Ntchito: madiresi 6, nsalu ndi ya kachidutswa kali pa pepala lino, sitayilo ndi ya chithunzi chili kuseri, miyezo ili kuseri. Zipangizo K210,000, kusoka K180,000, zonse K390,000. Lero kasitomala wapereka K270,000, ya zipangizo K210,000 ndi ya ntchito K60,000. Yotsala K120,000 adzapereka potenga zovala. Kudzayesa pa 3 Disembala 2025, kudzatenga pa 10 Disembala 2025, ukwati pa 20 Disembala 2025.

"Kasitomala akathetsa oda zipangizo zisanagulidwe, abwezeredwa K260,000. Zitagulidwa koma nsalu isanadulidwe, atenga zipangizo ndi K50,000. Nsalu itadulidwa, dipoziti sibwezedwa, atenga zidutswa ndi zotsala zonse, ndipo alipira K30,000 pa diresi lotha ndi K10,000 pa lodulidwa, kuchotsapo K60,000 yomwe wapereka kale.

"Telala akachedwa, pa yotsala pachoka K2,000 tsiku lililonse. Zovala zikapanda kutha pofika pa 17 Disembala 2025, kasitomala atenga nsalu yake yonse ndi K60,000. Telala akaononga kapena kutaya nsalu, agula ina yofanana kapena abweza mtengo wake. Kukonza kamodzi n'kwaulere, kusintha sitayilo n'kolipira. Zovala sizituluka yotsala isanalipidwe. Zikakhala masiku 90 osatengedwa, telala atakumbutsa kawiri polemba uthenga, adzazigulitsa, atengepo yotsala ndipo yapamwamba apereke kwa kasitomala. Tawerenga, tamva, tavomera."

Pansi pake siginecha ziwiri ndi deti. Pa oda yaikulu ngati iyi onjezani mboni imodzi, ndipo ndi bwino ikhale yobwera ndi kasitomala kapena woyandikana naye shopu, osati mwana wanu kapena wophunzira ntchito wanu. Ngati kasitomala sadziwa kuwerenga, mboniyo imuwerengere mokweza, iye adinde chala, ndipo mboni ilembe kuti yamuwerengera. Pepala la pamwamba atenge kasitomala, la kaboni litsale m'buku osang'ambidwa. Buku lokhala ndi manambala otsatizana ndi umboni wamphamvu kuposa pepala loyenda lokha, chifukwa n'kovuta kunena kuti tsamba 47 mwalilemba dzulo pomwe 46 ndi 48 zili ndi madeti ake. Mukalakwitsa nambala musafute kapena kupaka, dulani mzere umodzi, lembani yolondola pambali, nonse musayine pomwepo. Jambulaninso tsambalo ndi foni, chifukwa mabuku amanyowa ndi mvula ndipo misika imapsa.

Chiganizo cha masiku 90 chija n'chofunika kuposa momwe chikuonekera. Pafupifupi shopu iliyonse ya telala ili ndi zovala zopachikidwa chaka chathunthu eni ake osabwera. Kusunga chovala mpaka mwini wake alipire ndi ufulu womwe wogwira ntchito pa katundu wa munthu amakhala nawo. Koma kuchigulitsa ndi nkhani ina: popanda chilolezo cholembedwa, makamaka ngati nsalu anabweretsa yekha, mwini wake angathe kudzakuimbani mlandu wogulitsa katundu wake. Ndiye chilolezocho chitengeni pachiyambi, mukumbutseni kawiri ndi uthenga wosungika, ndipo mukagulitsa lembani mtengo womwe mwagulitsira. Za kuti zovala sizituluka yotsala isanalipidwe, musachite nazo manyazi ngakhale kwa wachibale kapena wa mpingo umodzi. Diresi likavalidwa pa ukwati, changu cholipira chimathera pomwepo.

Mitengo ya nsalu imasintha msanga chifukwa nsalu zambiri ndi zochokera kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo telala yemwe anali atalandira dipoziti koma asanagule nsalu anapezeka ndalama yosakwana. Mankhwala ake si kulemba kuti mtengo ungasinthe nthawi iliyonse, chifukwa mawu otero amachotsa tanthauzo la pepala lonse. Gulani zipangizo pasanathe masiku awiri kapena atatu mutalandira ndalama, ndipo sungani malisiti. Ngati mwapeza kuti nsalu yakwera, imbani foni musanagule, kasitomala asankhe kuwonjezera, kusintha nsalu kapena kutenga ndalama yake. Dipoziti ya munthu isalipire lendi ya shopu kapena kumalizira oda ya munthu wina. Telala akayamba kusoka oda ya dzulo ndi dipoziti ya lero, kasitomala mmodzi yekha wofuna kubwezeredwa amagwetsa shopu yonse, ndipo palibe pepala lomwe lingamupulumutse.

Ndalama ikabwera pa Airtel Money kapena Mpamba, koperani papepala nambala ya chiphaso cha malipiro yomwe ili mu uthenga, deti, ndi dzina la wotumiza ngati ndi losiyana ndi la kasitomala. Onani balansi yanu nokha, osadalira uthenga womwe wina wakuonetsani pafoni yake. Gwirizananinso kuti yotapira alipira ndani. Pobweza ndalama, bwezerani ku nambala yomwe inatumiza, kapena kasitomala asayine kuti walandira. Pa maukwati zimachitika kuti dipoziti anatumiza ndi mwamuna, oda anapereka ndi mkazi, ukwati ukaimitsidwa onse awiri amabwera padera kudzaitanitsa. Mwini pangano ndi amene anasayina, ndipo ngati wotumiza ndi wina, musabweze mpaka onse awiri avomereze polemba kuti ipite kwa ndani.

Pa oda yaing'ono, monga siketi imodzi kapena kusoka chilundu cha K15,000, tsamba lonseli silofunika. Lisiti lokhala ndi mtengo, dipoziti, yotsala, tsiku lodzatenga, mamita a nsalu ndi mzere umodzi wakuti nsalu ikadulidwa dipoziti sibwezedwa, ndi lokwanira. Kasitomala sachita mantha ndi pepala mukaliyamba ndi mbali yomuteteza iye. Muwerengereni kaye za tsiku lodzatenga ndi za K2,000 yochotsedwa mukachedwa, kenako mufike pa za dipoziti.

Za kasitomala yemwe muli naye panopa, kusalemberana sikutanthauza kuti mubweze zonse. Sonkhanitsani malisiti a nsalu, mauthenga a pafoni, tsamba la miyezo ndi zidutswa zodulidwazo. Lembani mawerengero ngati aja: zipangizo zinadya zingati, ntchito yodula ndi zingati, ndipo ngati pa dipoziti patsala kanthu, nenani kuti mubweza. Muitaneni pamaso pa munthu yemwe nonse mumamulemekeza, monga wapampando wa msika kapena mkulu wa mpingo, mumupatse zidutswa zake ndi yotsalayo, ndipo chomwe mwagwirizana chilembedwe, kuti nkhani yatha, nonse musayine. Ngati ukwati wangoimitsidwa osati kutheratu, mungamupatse mwayi woti musunge zidutswazo miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi n'kudzamaliza pa mtengo wa nthawi imeneyo, anthu atayezedwanso.

Akakuopsezani ndi apolisi musanjenjemere. Kusagwirizana pa pangano la malonda ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, womwe umaweruzidwa ku khoti la majisitireti, osati mlandu wakuba, bola muonetse kuti ndalama inagula nsalu ndipo nsaluyo ilipo. Zimasanduka za apolisi ngati telala analandira ndalama alibe cholinga chosoka, kapena wagulitsa nsalu ya mwini. Kasitomala alinso ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la CFTC, lomwe limaona madandaulo a ogula, ndipo kumeneko mawu ongoti "ndalama sibwezedwa zivute zitani" sakuthandizani, pomwe mawerengero osonyeza zomwe mwataya amamveka. Inunso ngati akukana kulipira ntchito yomwe mwagwira mungathe kukasuma ku khoti lomwelo, koma yambani mwawerengera masiku omwe makina adzaime inu muli pa benchi ya khoti. Pa K60,000, kugwirizana pamaso pa mboni n'kulemberana kumakupindulirani kuposa kusuma.